Matabwa akapsa musanawanyamule, waluza ndani?

Ambiri amene akumanga nyumba ku Mulunguzi ndi m'madera ena a mzinda wa Zomba amagula matabwa a paini ochokera m'nkhalango ya paphiri. Malonda otere kawirikawiri satha tsiku limodzi. Munthu amakwera phiri lero n'kusankha matabwa, amapereka theka la ndalama mawa, ndipo lole yodzanyamula imabwera sabata yamawa. Pa masiku apakatiwo moto wolusa ungadutse pa mulu, mvula ingaunyowetse, akuba angatapepo, ndiponso lole ingachite ngozi pa msewu wotsetsereka wochokera ku Chawe. Mwinanso matabwa amafika bwinobwino, koma pakatha milungu ingapo ayamba kupindika ali padenga. Zikatero pamabuka mafunso awiri. Loyamba, katundu akawonongeka pakati pa malonda, amaluza ndani? Lachiwiri, wogulitsa amakhala atalonjeza chiyani za ubwino wa katundu wake, ngakhale sanatsegule pakamwa?

Mayankho ali m'lamulo loona za kugula ndi kugulitsa katundu, limene m'mabuku a malamulo a dziko lino limalembedwa kuti Sale of Goods Act, Mutu 48:01. Linakhazikitsidwa mu 1967 potengera lamulo la ku Britain la 1893, n'chifukwa chake makhoti athu amawerenganso zigamulo zakale za kumeneko akamalitanthauzira. Limakhudza katundu aliyense wonyamulika wogulidwa ndi ndalama, monga matabwa, simenti, malata, chimanga, mbuzi ndi galimoto. Malo ndi nyumba zili ndi malamulo ake.

Tsoka limatsata mwini katundu

Akuluakulu amati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ngwa mphepo. Pamalonda ambiri amaganiza chimodzimodzi, kuti katundu amakhala wako ukamugwira m'manja kapena ukamaliza kulipira. Lamulo silitero. Limati ngati awiriwo sanagwirizane mwina, tsoka la kuwonongeka kapena kutayika kwa katundu limagwera amene ali mwini wake pa nthawiyo, kaya katunduyo waperekedwa kale kaya ayi. Umwini ukadali ndi wogulitsa, kuluza n'kwa wogulitsa. Umwini ukangopita kwa wogula, kuluza n'kwa wogula, ngakhale katundu adakali pabwalo la wogulitsa. Choncho funso lenileni ndi lakuti umwini unasintha liti.

Lamulo limayamba ndi kufufuza zimene awiriwo ankafuna, poona mawu a mgwirizano wawo, zochita zawo ndi mmene zinthu zinalili. Ngati sananene kanthu, monga zimachitikira pa malonda ambiri apakamwa, lamulo limawaikira njira zake. Tizione potsata chitsanzo chimodzi. Tiyerekeze kuti mayi wina wa ku Mulunguzi akufuna matabwa 100 a denga, okhuthala mainchesi 2, a mainchesi 6 m'lifupi ndi mapazi 18 m'litali, ndipo agwirizana ndi wogulitsa wa paphiri pa mtengo wa K15,000 thabwa limodzi. Zonse pamodzi ndi K1,500,000.

Matabwa osankhidwa kale ndi matabwa a mumulu

Mayiyo akwera phiri Lachisanu, asankha yekha matabwa 100, awaunjika padera n'kuwalemba chizindikiro ndi penti. Matabwawo ndi okonzeka kunyamulidwa, palibe chotsala choti wogulitsa awachite. Apereka K750,000, n'kunena kuti zotsalazo adzapereka Lolemba akadzabwera ndi lole. Loweruka usiku moto wolusa, umene suchedwa kubuka m'nkhalango m'miyezi yotentha, utentha mulu wonse popanda kulakwa kwa wogulitsa.

Apa waluza ndi mayiyo. Katundu akakhala wodziwika bwino kuti ndi uyu, ali wokonzeka kuperekedwa, ndipo mgwirizano ulibe chodikira, umwini umapita kwa wogula pa nthawi imene agwirizana. Kuchedwetsa kulipira kapena kunyamula sikusintha kanthu. Matabwa anakhala a mayiyo Lachisanu, ndiye amene anapsa Loweruka ndi ake. Sangaitanitse K750,000 imene anapereka, ndipo wogulitsa ali ndi ufulu wofuna K750,000 yotsalayo. N'zowawa, koma mfundoyi ndi yakale. Mu 1827, pa mlandu wa Tarling ndi Baxter ku England, munthu anagula mulu wa udzu wouma wodyetsa ziweto n'kuusiya m'munda momwemo. Udzuwo unapsa asanautenge, ndipo khoti linagamula kuti kuluza n'kwa wogula chifukwa udzuwo unali kale wake.

Wogulitsa sakhala womasuka kotheratu ayi. Pamene akusunga katundu wa mnzake, ali ndi udindo womusamala monga angachitire munthu wanzeru. Ngati motowo unayamba chifukwa antchito ake anasonkha moto wophikira pafupi ndi mulu n'kuusiya osazimitsa, mayiyo angamusumire chifukwa cha kusasamala. Kusiyana kwake n'kwakuti tsopano nkhani yagona pa kusasamalako, ndipo pafunika umboni wa mmene moto unayambira.

Tsopano tisinthe chinthu chimodzi. Mayiyo apeza mulu waukulu wa matabwa 400, n'kunena kuti, "Mundisungire 100 mwa amenewa," osasankha, osalemba chizindikiro. Alipira ngakhale ndalama zonse. Moto ukatentha muluwo, waluza ndi wogulitsa, ndipo ndalama za mayiyo ziyenera kubwerera ngati sapatsidwa matabwa ena. Chifukwa chake n'chakuti umwini sungapite kwa wogula pa katundu amene sanadziwike kuti ndi uti. Palibe angaloze thabwa limodzi mwa 400 aja n'kunena kuti ili linali la mayiyo. Umwini umapita pokhapokha matabwa ogwirizana ndi zimene anapangana apatulidwa kotheratu kuti ndi a malonda amenewa, winayo atavomereza, kaya ndi mawu kaya ndi zochita. Mu 1917, pa mlandu wa Healy ndi Howlett, wogulitsa nsomba wa ku Ireland anatumiza mabokosi 190 pa sitima, ndipo 20 mwa iwo anali oti apite kwa wogula wa ku London. Sitima inachedwa, nsomba zinayamba kuwonongeka mabokosi 20 aja asanapatulidwe, ndipo khoti linati kuluza n'kwa wogulitsa.

Onani kuti m'chitsanzo choyamba mayiyo analipira theka koma anali mwini, pamene m'chachiwiri analipira zonse koma sanali mwini. Chimene chinasiyanitsa ndi kupatula katundu, osati ndalama.

Pamene wogulitsa ali ndi ntchito yotsala

Nthawi zina matabwa amasankhidwa koma sanakonzeke. Mwina anagwirizana kuti wogulitsa awapale kaye, awadule kuti afanane kutalika, kapena awapake mankhwala oteteza ku chiswe. Apa umwini sumapita mpaka ntchitoyo itachitika ndiponso wogula atadziwa kuti yachitika. Zinthu ziwirizi zimayendera limodzi. Ngati wogulitsa anamaliza kupala Loweruka masana koma sanaimbe foni kapena kutumiza uthenga, moto n'kubwera usiku, kuluza kudakali kwake. N'chimodzimodzi ngati mtengo wonse sunadziwike chifukwa wogulitsa ayenera kuyeza kaye, monga pamene agwirizana mtengo wa phazi lililonse koma matabwa ndi osiyana kutalika. Mpaka atayeza ndi kudziwitsa wogula, katundu ndi wake. Kwa wogulitsa, uthenga waufupi wa pafoni wonena kuti katundu wakonzeka ndi umboni wa mtengo wapatali, ndipo wogula akaulandira adziwe kuti kuyambira pamenepo akusunga katundu wake pabwalo la eni.

Pa msewu wotsika phiri

Ngozi zina za katundu zimachitika pa ulendo. Ngati mayiyo anaitanitsa matabwa 100 pafoni n'kutumiza lole imene wachita hayala yekha, wogulitsa akapakira matabwa oyenera m'loleyo ndiye kuti wawapereka kwa wogula. Lole ikaduka mabuleki pa kona ina, matabwa n'kusweka, mayiyo sangabwerere kwa wogulitsa. Angafunse mwini lole, ngati ngoziyo inadza chifukwa cha kusasamala. Lamulo limaonanso chimodzimodzi pamene mgwirizano ukulola wogulitsa kutumiza katundu kudzera kwa wonyamula katundu wapadera: kupereka kwa wonyamulayo kumatengedwa ngati kupereka kwa wogula. Koma pamenepo wogulitsa ayenera kupangana ndi wonyamulayo moyenerera mtundu wa katunduyo. Akapakiza simenti pa galimoto yopanda lona nthawi ya dzinja, simenti n'kunyowa, wogula angaikane kapena kufuna chipepeso.

Zimasiyana ngati wogulitsa analonjeza kuti adzafikitsa yekha matabwa 100 pa malo omangira ku Mulunguzi, ndi galimoto yake ndi dalaivala wake. Dalaivala ameneyo ndi dzanja la wogulitsa, ndipo kawirikawiri katundu wotere amakhala wa wogulitsa mpaka atatsitsidwa pa malo amene anapangana. Choncho musananyamuke funsanani momveka kuti lole ndi ya yani, ndipo katundu akuperekedwa pati.

Palinso nkhani ya kuchedwa. Ngati kupereka katundu kwachedwa chifukwa cha kulakwa kwa mmodzi, wolakwayo ndiye amasenza kuluza kumene sikukanachitika pakanapanda kuchedwako. Mayiyo akalonjeza kubwera Lolemba koma n'kubwera patatha milungu itatu, mvula yoyamba itagwa n'kudetsa matabwa ndi nkhungu, kuluzako n'kwake ngakhale umwini unali usanapite kwa iye. Wogulitsa akakana kutsegula bwalo pa tsiku lopangana, akuba n'kulowa mawa lake, kuluzako n'kwa wogulitsa ngakhale matabwa anali kale a mayiyo.

Njira zonsezi zimagwira ntchito pamene awiriwo sananene kanthu. Mukanena, mawu anu ndiwo amalamula. Chiganizo chimodzi pa lisiti, chonena kuti matabwa akhala m'manja ndi pa udindo wa wogulitsa mpaka atapakiridwa m'lole ya wogula, chikanapulumutsa mayi uja K1,500,000.

Malonjezo amene lamulo limaika lokha

Funso lachiwiri ndi la ubwino wa katundu. Poyambira penipeni lamulo limati wogula atsegule maso, chifukwa si chilema chilichonse chimene wogulitsa amayankhira. Koma pali malonjezo angapo amene lamulo limalowetsa mu mgwirizano ngakhale sanalembedwe kapena kunenedwa.

Loyamba ndi lakuti wogulitsa ali ndi ufulu wogulitsa katunduyo. Ku Zomba ili si lonjezo laling'ono, chifukwa nkhalango ya paphiri ndi yotetezedwa ndipo lamulo la nkhalango la 1997 limapatsa akuluakulu a zankhalango mphamvu yolanda matabwa ochekedwa popanda chilolezo. Matabwa anu akalandidwa chifukwa anali akuba, wogulitsa waphwanya lonjezoli ndipo ayenera kubweza ndalama zanu. Komabe kumupeza munthu wotere pambuyo pake n'kovuta, ndiye funsani mapepala a zankhalango musanalipire.

Lachiwiri ndi lakuti katundu afanane ndi mmene anafotokozedwera. Mayiyo akaitanitsa matabwa a mapazi 18, n'kubwera a mapazi 16, angawakane ngakhale akhale olimba ndi owongoka. Akaitanitsa ouma, n'kubwera aawisi, n'chimodzimodzi. Ngati anaonetsedwa thabwa limodzi ngati chitsanzo, katundu yense ayenera kufanana nalo, ayenera kupatsidwa mpata wokwanira woyerekeza, ndipo katunduyo asakhale ndi chilema chobisika chimene sichikanaoneka poyang'ana chitsanzocho.

Lachitatu ndi lakuti katundu akhale wa ubwino woti n'kugulitsika pa dzina limene akutchulidwa. Lonjezoli limagwira pamene mwagula mofotokoza kwa munthu amene malonda ake ndi a katundu wa mtundu umenewo. Silitanthauza katundu wapamwamba kuposa onse, koma woti munthu wanzeru, atadziwa zilema zake zonse, angamulandirebe pa dzina limenelo. Thabwa la paini lokhala ndi mfundo zochepa ndi thabwa ndithu. Lofumbwa m'kati, loti likuthyoka polikhoma msomali, si thabwa lomangira. Pali malire ake: ngati munayendera katunduyo musanagule, simungadandaule za zilema zimene kuyenderako kukanaonetsa. Mayi amene anatembenuza thabwa lililonse sangabwere mawa kudzadandaula za mng'alu woonekera poyera, koma angadandaule za kufumbwa kwa m'kati kumene maso sakanaona.

Lachinayi ndi lakuti katundu ayenerere ntchito imene wogula akumufunira. Apa pamafunika zinthu zitatu: wogula adziwitse wogulitsa ntchitoyo, zioneke kuti akudalira luso ndi nzeru za wogulitsa, ndipo katunduyo akhale wa mtundu umene wogulitsa amachita nawo malonda. Mayiyo akanena kuti, "Bambo, ndikufuna matabwa okhoma denga sabata ino, ndipatseni amene angayenere," n'kupatsidwa aawisi ochekedwa dzulo, wogulitsa waphwanya lonjezo. Koma akabwera ndi kalipentala wake amene asankha yekha, osamva malangizo a wogulitsa, n'kovuta kunena kuti anadalira wogulitsa. Ngati katundu ali ndi ntchito imodzi yodziwika, simufunika kuitchula. Pa mlandu wa Grant ndi Australian Knitting Mills, dokotala wa ku Australia anadwala khungu chifukwa cha mankhwala otsalira m'zovala zam'kati zimene anagula, ndipo sitolo inapezeka yolakwa ngakhale iye sananene kuti akufuna kuzivala.

Malonjezo awiri omalizawa sagwira mukagula kwa munthu amene si malonda ake, monga mnansi amene akugulitsa matabwa otsala atamaliza nyumba yake. Kwa iye mungadalire lonjezo la umwini, la mafotokozedwe, ndi chilichonse chimene walonjeza ndi pakamwa pake.

Mafunso awiri aja, la tsoka ndi la ubwino wa katundu, asasokonezedwe. Wogulitsa wina amati, "Katundu anachoka m'manja mwanga, za kumeneko n'zanu." Mawuwa ndi oona pa tsoka lobwera umwini utapita kale, monga moto kapena ngozi. Si oona pa chilema chimene chinalimo kale pogulitsa. Thabwa lauwisi limene lapindika litauma padenga linali ndi vuto lake kuyambira paphiri, kungoti laonekera mochedwa. Mungalizindikire msanga: limalemera kuposa louma la msinkhu womwewo, limazizira mukaligwira, limatuluka utomoni, ndipo utuchi wake umakhala wonyowa mukalicheka kunsonga.

Mukapeza vuto muchite chiyani

Ufulu wokana katundu sukhalitsa. Lamulo limati mwalandira katundu mukauza wogulitsa kuti mwamulandira, mukachita naye zinthu zosonyeza kuti ndi wanu, monga kumudula, kumukhoma kapena kumugulitsa kwa wina, kapena mukakhala naye nthawi yaitali osanena kanthu. Choncho yenderani katundu tsiku limene wafika, asanakwere padenga. Ngati wogulitsa wakubweretserani katundu amene simunamuonepo, muli ndi ufulu wopempha mpata womuyendera. Mukapeza vuto, jambulani zithunzi, itanani kalipentala aone, ndipo uzani wogulitsa tsiku lomwelo mwa uthenga wolembedwa kuti mukukana katunduyo ndi chifukwa chake. Ngati simunapangane mwina, si udindo wanu kubweza katundu wokanidwa ku phiri. N'kokwanira kumudziwitsa, kenako n'kusunga katunduyo bwino mpaka adzamutenge.

Ngati mwalandira kale, chotsala ndi chipepeso. Kawirikawiri chimawerengedwa poona kusiyana kwa mtengo wa katundu amene analonjezedwa ndi wa amene anabwera. Tinene kuti mwa matabwa 100 a mayi uja, 30 apezeka ofumbwa m'kati atadulidwa kale, ndipo mmene alilimo angagulidwe pa K6,000 lililonse m'malo mwa K15,000. Kusiyana ndi K9,000 pa thabwa, ndiye chipepeso ndi K270,000. Ngati sanamalize kulipira, angachotse ndalamayi pa ngongole yake. Angafunenso zina zimene waluza mwachindunji chifukwa cha vutolo, monga malipiro a kalipentala wophwasula ndi kukhomanso, bola asonyeze umboni.

Nanga zikwangwani zakuti katundu wogulidwa sabwezedwa? Lamulo la 1967 limalola anthu kupangana mochotsa ena mwa malonjezowa, koma malamulo atsopano anatseka mpata umenewu pofuna kuteteza ogula wamba. Pali lamulo loteteza ogula la 2003, komanso lamulo la mpikisano ndi chilungamo pa malonda, limene linayamba mu 1998 n'kukonzedwanso mu 2024. Bungwe la CFTC, limene limayang'anira lamulo lachiwirili, lakhala likuchenjeza amalonda kuti kukana udindo pa katundu wowonongeka n'kulakwira lamulo. Chikwangwani chingakuletseni kubweza katundu wabwino chifukwa choti mwangosintha maganizo, koma sichingateteze wogulitsa katundu wachilema.

Wogulitsa akakana kumva, yambani ndi kalata yofotokoza vuto, ndalama zimene mukufuna ndi tsiku loti ayankhe. Kenako mungadandaule ku CFTC, ndipo ngati nkhani ikukhudza katundu wosakwanira muyezo, monga simenti kapena malata, mungapitenso ku bungwe la MBS. Ku Zomba kuli khoti la majisitireti ndi khoti lalikulu, ndipo amene alibe ndalama za loya angafunse thandizo ku Legal Aid Bureau. Mlandu wa mgwirizano uyenera kuyambitsidwa pasanathe zaka 6, koma musadalire nthawi imeneyi, chifukwa ufulu wokana katundu umatha m'masiku ochepa ndipo umboni umafufutika.

Musanapereke ndalama pa katundu amene simunyamula tsiku lomwelo, lembani pa lisiti zinthu zinayi: kuchuluka ndi miyezo ya katundu, ntchito imene mukumufunira, tsiku ndi malo operekera, ndi amene asenze kuluza mpaka tsiku limenelo. Nonse awiri musayinire, aliyense atenge pepala lake. Mukasiya osalemba, lamulo lidzakusankhirani lokha, ndipo pa katundu amene mwasankha kale, lidzaika kuluza pa inu wogula.